Tasikiba ya Windows pa laputopu yaing'ono: kuisuntha, kuichepetsa, ndi chimene chimaibweza mwakale

Alamu anga amakhala ku Rosettenville, ndipo ntchito yawo ndi yolemba katundu amene anthu kuno ku Joni amatumiza kumudzi pa malole. Dzina la mwini katundu, zimene zili m'chikwama, marandi amene walipira, kumene katunduyo akatsikire, kaya ndi ku Blantyre kaya ku Lilongwe, zonsezi amazilemba mu Excel pa laputopu ya mainchesi 14 imene anagula yogwiritsidwapo kale ntchito m'tauni. Loweruka lina anandiimbira foni kuti, "Alamu, kamzere kam'munsi aka kandidyera malo, ndiponso zithunzi zake zili pakati. Ndikaonjezera pulogalamu, batani la Start limasuntha. Sabata yatha ndinakonza koma Lolemba zinabwereranso."

Kamzere kamene ankanenako ndi tasikiba, kaja kamakhala m'munsi mwa sikirini kokhala ndi batani la Start, tizizindikiro ta mapulogalamu ndi wotchi. Madandaulo awo anali atatu ngakhale iwo ankawaona ngati amodzi: malo amene tizizindikiro takhala, kukula kwa tasikiba, ndi kubwerera mwakale. Chilichonse chili ndi pokonzera pake, ndipo anthu ambiri amataya nthawi chifukwa amafunafuna zonse zitatu pamalo amodzi.

Musanakhudze kanthu, dziwani Windows imene muli nayo. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `winver`, kenako Enter. Kabokosi kamene katuluke kakuuzani ngati ili Windows 10 kapena Windows 11, ndi nambala yonga 21H2, 23H2 kapena 24H2. Lembani nambalayo penapake. Malangizo ambiri amene anthu amapatsana pa nkhaniyi anali oona pa Windows ya chaka china koma pa yanu sagwira. Ya alamu anga inali Windows 11, 24H2.

Kumanzere kapena pakati

Ili ndiye gawo losavuta. Windows 11 itatuluka mu Okutobala 2021 inabwera ndi tizizindikiro pakati, pamene mu Windows 10 ndi zam'mbuyo mwake tinazolowera Start ili pangodya ya kumanzere. Kuti muibweze, dinani batani lakumanja la mausi pamalo opanda kanthu pa tasikiba, sankhani Taskbar settings, tsikirani pa Taskbar behaviors, ndipo pa Taskbar alignment sankhani Left. Mukafuna pakati, Center. Zimasintha pomwepo, sipafunika kuzimitsa makina.

Pa sikirini yaing'ono ine ndimakonda kumanzere, ndipo chifukwa chake si kuzolowera kokha. Tizizindikiro tikakhala pakati, pulogalamu yatsopano ikatsegulidwa tonse timasuntha pang'ono, ndiye chala chimene chinazolowera kuti Excel ili apa chimakadina pena. Kumanzere, Start ndi mapulogalamu amene munawakhomerera sasuntha, atsopano amangondanda kumanja. Koma dziwani kuti kusunthaku sikukupatsani malo ngakhale pang'ono. Kutalika kwa tasikiba kumakhala komweko.

Nthawi zina mumafika pa Taskbar settings n'kupeza zonse zili zotuwa, sizikudinika, pamwamba pali mawu onena kuti muyambe mwachita Activate. Izi zimachitika kwambiri pa malaputopu ogulidwa kale amene wogulitsa anangoikamo Windows mothamanga popanda laisensi. Mungatsimikize pa Settings, System, Activation. Njira yeniyeni ndi kubwerera kwa amene anakugulitsani, lisiti lili m'manja, kuti akuikireni laisensi yoona. Koma ngati mukufuna kungosuntha tizizindikiro lero lomwe, tsegulani Command Prompt, windo lolembamo malamulo limene mumalipeza mukalemba dzina lake pa Start, n'kulemba izi:

```
reg add "HKCU\Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Explorer\Advanced" /v TaskbarAl /t REG_DWORD /d 0 /f
```

Nambala 0 ndi kumanzere, 1 ndi pakati. Samalani ndi dzinalo: `TaskbarAl` likuthera ndi A wamkulu ndi L wamng'ono, osati nambala 1 kapena I. Ndaonapo anthu angapo akulemba molakwika pamenepa, lamulo n'kuyankha kuti latheka koma pa sikirini osasintha kanthu, chifukwa angopanga dzina latsopano limene Windows sililidziwa.

Mu Windows 10 mulibe batani loika tizizindikiro pakati. Anthu amachita kuzembera: amachotsa chizindikiro pa Lock the taskbar, amatsegula Toolbars n'kusankha Links, amakokera Links kumanzere kwa tizizindikiro, kenako amakankhira tizizindikirotu pakati ndi timizere tiwiri timene timaoneka, n'kutsekanso. Zimatheka, koma batani la Start limatsala pangodya pomwepo, ndipo malo ena amangokhala opanda ntchito. Pa laputopu yaing'ono sindingakulimbikitseni.

Kukula kwa tasikiba, pamene pagona nkhani

Apa ndi pamene alamu anga anavutika sabata yonse. Mu Windows 10 munthu ankalowa pa Taskbar settings n'kuyatsa Use small taskbar buttons, tasikiba n'kutsika kuchoka pa mapikiselo 40 kufika pa 30. Mapikiselo ndi timadontho timene timapanga chithunzi pa sikirini. Wotchi inkangoonetsa nthawi, deti n'kubisika, koma malo ankapezeka. Ankathanso kuikokera m'mwamba ndi mausi kuti ikhale mizere iwiri, kapena kuisamutsira m'mbali. Ngati muli pa Windows 10 ndipo tasikiba yanu yakula mwadzidzidzi kukhala mizere iwiri, ndiye kuti wina anaikoka mosadziwa. Chotsani chizindikiro pa Lock the taskbar, gwirani m'mphepete mwake mwa pamwamba, kokerani pansi, n'kutsekanso kuti zisachitikenso.

Windows 11 ya alamu anga ilibe zimenezi. Tasikiba yake ndi mapikiselo 48 ndipo sikokeka ndi mausi. Iwo anali atapeza kale malangizo ena onena kuti alembe `TaskbarSi` mu rejisitire, nkhokwe imene Windows imasungamo makonzedwe ake, n'kuika 0. Anatsatira bwinobwino, anazimitsa makina kawiri, palibe chinasintha. Sanalakwitse kanthu. Njira imeneyo inkagwira pa Windows 11 yoyambirira, 21H2, ndipo ngakhale pamenepo inkadula wotchi m'munsi. Tasikiba itakonzedwanso mu 22H2 njirayo inasiya kugwira. Ngati munailemba, mutha kuichotsa kuti isakusokonezeni mtsogolo:

```
reg delete "HKCU\Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Explorer\Advanced" /v TaskbarSi /f
```

M'chaka cha 2025, 24H2 inalandira chosankha chatsopano pa Taskbar behaviors chotchedwa Show smaller taskbar buttons, chokhala ndi Always, Never ndi When taskbar is full. Dzinali limanyenga amene anazolowera Windows 10. Pa makina a alamu anga tinaika Always, tizizindikiro tinachepadi, tambiri tinakwana pamzere, koma kutalika kwa kamzereko kunatsala komweko. Chosankhachi chimathandiza amene tasikiba imawadzadzira m'litali, osati amene akufuna malo a m'mwamba ndi m'munsi. Ngati pa makina anu sichikuoneka, yambani mwalowa pa Windows Update.

Chimene chimalamula kutalika kwa tasikiba ndi Scale, muyeso wa kukula kwa zonse zooneka pa sikirini, imene ili pa Settings, System, Display. Mapikiselo 48 aja ndi a pamene Scale ili pa 100%. Ikakhala pa 125% tasikiba imatenga 60, pa 150% imatenga 72. Laputopu ya alamu anga ili ndi sikirini ya 1920 x 1080, ndipo Windows inaiika pa 150% yokha, monga imachitira kawirikawiri pa masikirini a mainchesi 13 ndi 14.

Tiyeni tiwerenge pang'ono, chifukwa apa ndi pamene munthu amaona kuti tasikiba sindiyo inali mbala yaikulu. Pa 150%, chilichonse chimakula ndi theka, ndiye sikirini ya 1080 imagwira ntchito ngati ya 720 basi. Mukatsitsa pa 125% imagwira ngati ya 864. Kusiyana kwake ndi 144. Mzere umodzi wa Excel, ngati simunausinthe, umatenga pafupifupi 20. Choncho kungotsitsa Scale ndi sitepe imodzi kunawapatsa alamu anga mizere pafupifupi 7 yoonjezera, pamene tasikiba payokha inangochepa ndi mapikiselo 12. Malo ambiri anachokera ku mabatani a pamwamba a Excel, ku mizere yeniyeniyo ndi ku zilembo, zonse zitachepa pamodzi. Ngakhale tasikiba yonse mutaichotsa, mungapeze mizere iwiri ndi kachidutswa kokha.

Anayang'ana sikirini kanthawi n'kunena kuti, "Koma zilembo zachepatu, alamu." Zinali zoona, ndipo ili ndilo dipo lake. Iwo maso awo akadali bwino, patatha tsiku anazolowera. Tinayesanso 100% koma pa mainchesi 14 zilembo zinali ngati nyerere, tinabwerera pa 125%. Ngati maso anu amavuta, musadzizunze. Siyani Scale pamene mukuwerenga bwino, ndipo muchepetse m'kati mwa pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito. Mu Excel muli kokokera kukula pangodya ya kumanja m'munsi, ndipo Ctrl ndi F1 imapinda mabatani a pamwamba aja, zimene zimabweza malo ambiri kuposa tasikiba. Mu bulawuza, F11 imabisa zonse kuphatikizapo tasikiba, mukadinanso F11 zimabwerera.

Zinthu ziwiri musachite. Musatsitse Display resolution poganiza kuti nambala yaing'ono ichepetsa zinthu. Imazikulitsa, ndipo zilembo zimachita chimbuuzi. Isiyeni pa nambala imene ili ndi mawu akuti Recommended. Chachiwiri, Custom scaling, pamene munthu amalemba nambala yakeyake monga 110, muipewe ngati mungathe. Imafuna kuti mutuluke mu akaunti n'kulowanso, imagwira masikirini onse nthawi imodzi, ndipo mapulogalamu ena akale amaoneka osalongosoka. Mukailemba molakwika n'kuika nambala yaikulu, kupeza batani loibwezera kumavuta chifukwa windo silikwananso pa sikirini.

Nanga amene laputopu yawo ndi ya 1366 x 768, zija za mainchesi 11.6 zimene ana asukulu amayenda nazo, ngakhalenso zambiri za mainchesi 15.6 zotchipa? Zimenezi kawirikawiri zimakhala kale pa 100%, ndipo Windows silola kutsika kuposa pamenepo. Mukapeza ili pa 125%, itsitseni, mupindula kwambiri. Ikakhala pa 100% kale, chatsala ndi kuibisa tasikibayo. Pa Taskbar behaviors ikani chizindikiro pa Automatically hide the taskbar. Imalowa pansi, ndipo imatuluka mukafikitsa mausi m'mphepete mwa m'munsi kapena mukadina batani la Windows. Pa sikirini ya 768 izi n'zothandiza pa mafomu aja amene batani la OK limagwera kunsi kwa tasikiba. Vuto lake n'lakuti nthawi zina imakana kubisala. Ikatero, yang'anani ngati pali chizindikiro cha pulogalamu chimene chasintha mtundu kapena chikuphethira. Pulogalamu ikamafuna kuti muione, tasikiba imaima poyera mpaka mutaidina.

Za m'litali sindichedwapo. Pa Taskbar settings pomwepo, bokosi la Search ndilo limadya malo kwambiri. Lisintheni kukhala Search icon only kapena Hide, popeza mukadina batani la Windows n'kuyamba kulemba mumafufuza chimodzimodzi. Zimitsani Widgets ndi Task view ngati simuzigwiritsa ntchito. Pa Combine taskbar buttons and hide labels, chimene chinabwerera kumapeto kwa 2023, ikani Always. Mukaika Never, windo lililonse limatenga batani lake ndi dzina lake, ndipo pa sikirini yaing'ono mukatsegula mawindo ochepa chabe ena amakabisala kuseri kwa timadontho titatu.

Chifukwa chake zimabwerera

Tinakonza zonsezi Loweruka, koma funso limene linandikhalira m'mutu linali la Lolemba lija. Windows sisintha Scale popanda chifukwa. Ndinawafunsa kuti laputopu imapita kuti Lamulungu. Anati kutchalitchi, amailumikiza ku pulojekitala kuti anthu aziwerenga nyimbo pakhoma.

Mukalumikiza laputopu ku pulojekitala kapena ku wailesi yakanema, n'kusankha Duplicate, masikirini awiriwo amayenera kuonetsa chithunzi chimodzi pa muyeso umodzi. Pulojekitala ikakhala yakale, yonyamula 1024 x 768 kapena 1280 x 800, laputopu nayo imatsikira pamenepo. Tasikiba imaoneka yaikulu, zilembo zimatupa, nthawi zina m'mbali mwa sikirini mumatsala mwakuda. Windows imasunga makonzedwe padera a laputopu ili yokha ndi a laputopu yolumikizidwa, ndipo mukazula waya makina ali maso, kawirikawiri zonse zimabwerera zokha. Alamu anga mapemphero akatha ankangotseka chivundikiro, kuzula waya, kuika m'chikwama. Makina ankagona ali ndi masikirini awiri n'kudzuka ali ndi imodzi, ndipo tasikiba inkatsalira pa muyeso wa dzulo.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Lowani pa Display. Ngati Display resolution si ija ya Recommended, ibwezeni. Ngati manambala onse ali bwino, Scale ikunena 125% koma tasikiba ikuoneka yonenepa, kapena tizizindikiro tikupanikizana, vuto si makonzedwe. Ndi pulogalamu imene imajambula tasikiba, Windows Explorer, imene sinazindikire kuti zinthu zasintha. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, pezani Windows Explorer pa mndandanda, dinani batani lakumanja, sankhani Restart. Tasikiba izimiririka masekondi angapo n'kubwera. Mafayilo amene mwatsegula mu Excel kapena Word sakhudzidwa, koma ngati mukukopera mafayilo ku fulashi dikirani kaye amalize. Pa Command Prompt ndi chimodzimodzi:

```
taskkill /f /im explorer.exe
start explorer.exe
```

Zikakanika, tulukani mu akaunti ndi Sign out n'kulowanso.

Kuti zisamachitike, ndinawaonetsa batani la Windows pamodzi ndi P. Kutchalitchi azisankha Extend, chifukwa pamenepo sikirini iliyonse imakhala ndi muyeso wake ndi Scale yake, windo la nyimbo n'kulikokera ku pulojekitala. Pomaliza azidinanso Windows ndi P, asankhe PC screen only, azule waya, ndipo chivundikiro chitsekedwe pambuyo pake.

Si onse amene vuto lawo ndi pulojekitala, ndiye nazi zina zimene ndakumana nazo. Laputopu imene angoiikamo Windows mwatsopano ikhoza kukhala yopanda dalaivala wa sikirini, pulogalamu imene imathandiza Windows kuyendetsa sikiriniyo. Mudzaona zonse zili zazikulu, ndipo pa Display resolution pali nambala imodzi yokha yosasinthika. Dinani batani lakumanja pa Start, tsegulani Device Manager, yang'anani pa Display adapters. Mukaona Microsoft Basic Display Adapter m'malo mwa dzina la Intel, AMD kapena NVIDIA, mwalipeza vuto, ndipo kulimbana ndi tasikiba sikuthandiza. Dalaivalayo amabwera kudzera pa Windows Update, nthawi zina pansi pa Advanced options ndi Optional updates, kapena kwa kampani imene inapanga laputopuyo. Amakhala wa mamegabaiti mazana angapo, ndiye dikirani pamene muli pa waifai kuti asakutherereni data ya pa foni.

Ngati laputopu yanu ndi ija yopindika kukhala tabuleti, tasikiba imatha kukula yokha mukaipinda kapena mukachotsa kiyibodi, n'kuchepa kukhala kamzere kopyapyala mukatsegula pulogalamu. Sikuwonongeka. Pa Taskbar behaviors pali chosankha choyamba ndi mawu akuti Optimize taskbar for touch interactions. Chotsani chizindikiro pamenepo ngati simukuzifuna. Pa laputopu wamba chosankhachi sichioneka n'komwe.

Pali vuto lina loopsa kuposa onsewa, limene limadzibisa ngati la tasikiba. Mwaika kumanzere, mawa mwayatsa mwapeza pakati, chithunzi cha pa desikitopu chabwerera cha Windows, mapulogalamu amene munakhomerera achoka. Kusintha kwa Scale sikuchita zimenezi. Yang'anani ngati polowa pakutuluka uthenga wonena za temporary profile. Ukatuluka, ndiye kuti Windows yalephera kutsegula akaunti yanu yeniyeni ndipo yakupatsani yobwereka, imene imafufutidwa mukangotuluka, pamodzi ndi fayilo iliyonse imene mwasungamo. Izi zimatha kuyamba makina akazima mwadzidzidzi, monga laputopu ya batire lakufa magetsi akathima. Musasunge kanthu pa desikitopu imeneyo. Yambani ndi Restart kangapo, chifukwa nthawi zambiri akaunti yeniyeni imabwerera. Ikapanda kubwerera, lowani pa `C:\Users`, koperani mafayilo a mu foda ya dzina lanu ku fulashi, kenako mupange akaunti yatsopano.

Ya kuntchito ndi nkhani ina. Mukaona mawu onena kuti makonzedwe ena ali managed by your organization, abwana a makompyuta ndiwo amalamula, ndipo zimene mwasintha zikhoza kubwezedwa. Kapempheni kwa iwo.

Alamu anga anandifunsanso za mapulogalamu apadera amene amachepetsadi tasikiba ya Windows 11, monga StartAllBack, ExplorerPatcher ndi Windhawk. Alipodi ndipo amagwira ntchito. Koma amalowerera m'kati mwa Windows Explorer yemwe uja, ndiye Windows ikalandira zosintha zazikulu amatha kusemphana nayo, tasikiba osaoneka kapena kumangophethira mpaka amene anawapanga atakonza. Munthu wodziwa kutsegula Task Manager n'kuchotsa pulogalamu popanda tasikiba akhoza kuyesa. Laputopu imene ili ndi kaundula wa katundu wa anthu, lole ikunyamuka Lachisanu, ine sindingaiikemo, makamaka poona kuti phindu lake ndi mzere umodzi wa Excel.

Tinasiya makina awo chonchi: tizizindikiro kumanzere, Search ili kachizindikiro kokha, Widgets yozimitsa, Scale pa 125%, tasikiba yosabisala chifukwa amafuna kuona wotchi ndi batire nthawi zonse. Lolemba lotsatira ananditumizira uthenga kuti tasikiba ili mmene tinaisiyira, koma kutchalitchi anavutika mphindi zingapo kupeza mausi itathawira ku pulojekitala. Pa Extend mausi imadutsa m'mphepete mwa sikirini kupita ku inayo. Pa Display pali timabokosi tiwiri tolembedwa 1 ndi 2, ndipo mungatikoke kuti tigwirizane ndi kumene pulojekitala ili, kumanja kapena kumanzere kwanu. Windo limene lasochera kumeneko limabwera mukadina Windows, Shift ndi batani la muvi wa kumanzere kapena kumanja.